Galafu imodzi, miyeso itatu: kupanga paramita mu Tableau

Teremu yatha ndinkaphunzitsa a Fomu 3 za kugwa kwa zinthu. Pa bolodi ndinajambula galafu ya mtunda ndi nthawi, ndinafufuta, n'kujambula ya liwiro ndi nthawi, ndinafufutanso, n'kujambula ya enaji. Nditatembenuka, choko chili mbuu m'manja, mnyamata wina wa kumbuyo anaimika mkono. "Sala, ija yokhota ija inali ya liwiro kapena ya mtunda?"

Anzake anamuseka, koma funsolo linali labwino. Magalafu atatuwo amafanana pa chinthu chimodzi: onse ali ndi nthawi ku mbali yogona. Chimasintha ndi mbali yoimirira yokha. Amene sanamvetse zimenezi amataya malikisi pa mayeso, chifukwa amawerenga kupendekeka kwa galafu ya mtunda ngati kuti ndi ya liwiro. Ndiye ndinaganiza kuti, bwanji galafu ikhale imodzi, nthawi ikhale pamalo pake osasuntha, ife tizingosintha chimene chili ku mbali yoimirira n'kumaona mzere ukusintha tikuyang'ana?

Zimenezo n'zotheka mu Tableau, pulogalamu yojambulira magalafu kuchokera pa manambala a mu tebulo. Chida chake chimatchedwa paramita. Lero tipanga imodzi kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, ndipo ndikuonetsani pamene ine mwini ndinapunthwa pamaso pa kalasi yonse.

Ganizani za malitimita ya mu labu

Malitimita ili ndi kagalasi kamodzi koonetsa manambala, komanso nobu yomwe mumatembenuza. Mukailozetsa pa V mumawerenga mavoti, pa A maampu, pa Ω maomu. Kagalasi n'komweko, mawaya awiri aja ndi omwewo, koma nambala imene mukuona imadalira pamene nobu yaloza.

Tsono tangoganizani kuti munthu wina watsegula malitimitayo n'kudula mawaya onse a kuseri kwa nobu. Nobuyo izitembenukabe bwinobwino, n'kumalira kuti ke, ke, ke, koma pa kagalasi sipasintha kanthu. Nobu payokha siyeza chilichonse. Imangosunga chisankho chanu, ndipo mawaya a mkati ndi amene amachita zimene mwasankhazo.

Mu Tableau zinthu zitatuzi ziliponso. Paramita ndiyo nobu. Fomula imene tidzalembe ndiyo mawaya a kuseri. Galafu ndiye kagalasi. Mukagwira mfundo imeneyi, zotsalazi ndi kungodina. Anthu ambiri amene amadandaula kuti paramita yawo sikugwira ntchito amakhala atapanga nobu yopanda mawaya.

Manambala athu

Tigwetsa miyala iwiri nthawi imodzi kuchokera pamwamba pa phompho lalitali. Mwala A ndi wa kilogalamu 1, mwala B ndi wa makilogalamu 2. Titenga g kukhala 10 m/s² monga timachitira m'kalasi, ndipo kukana kwa mpweya tikusiya pambali. Manambalawa ndi owerengetsera, osati oyeza ndi wotchi, ndipo akuchokera pa mafomula atatu amene mukuwadziwa kale: mtunda ndi `½gt²`, liwiro ndi `gt`, ndipo enaji ya chinthu choyenda ndi `½mv²`.

Lembani izi mu fayilo, muisunge ndi dzina loti `miyala.csv`:

```
Mwala,Nthawi,Mtunda,Liwiro,Enaji
A,0,0,0,0
A,1,5,10,50
A,2,20,20,200
A,3,45,30,450
A,4,80,40,800
B,0,0,0,0
B,1,5,10,100
B,2,20,20,400
B,3,45,30,900
B,4,80,40,1600
```

Nthawi ili m'masekondi, mtunda m'mamita, liwiro m'mamita pa sekondi, enaji m'majulu. Tisanapite patali, tengani cholembera muyese mzere womaliza. Pa masekondi 4 liwiro ndi 10 kuchulukitsa ndi 4, ndiye 40. Enaji ndi theka la 2, kuchulukitsa ndi 40, kuchulukitsanso ndi 40, ndiye 1600. Chizolowezi choyamba kudziwa yankho ndi mutu musanafunse kompyuta chidzatipulumutsa kutsogoloku.

Tsegulani Tableau. Ya Tableau Public ndi yaulere ndipo ikukwanira pa ntchitoyi. Kumanzere, pansi pa `Connect`, sankhani `Text file` ndi kutsegula fayilo yathu ija. Mukaona tebulo latuluka, dinani `Sheet 1` pansi pa sikirini.

Yambani ndi galafu wamba

Musathamangire paramita. Yambani mwapanga galafu imodzi yogwira ntchito, kuti chikadzavuta mudziwe kuti vuto lili pa chimene mwangowonjezera.

Kumanzere kuli gawo lotchedwa `Data`, mmene muli maina a makolamu athu asanu. Gwirani `Nthawi` ndi mausi, muikokere pa `Columns`. Muona kuti yalembedwa `SUM(Nthawi)`. Apa Tableau yaona manambala ndipo yawaphatikiza onse, n'kupeza 20. Ife sitikufuna kuphatikiza masekondi, tikufuna sekondi iliyonse ikhale ndi malo ake. Choncho dinani `SUM(Nthawi)` ndi batani la kumanja la mausi, musankhe `Dimension`. Mawu oti `SUM` achoka.

Kenako kokerani `Mtunda` pa `Rows`, ndipo pa kabokosi ka `Marks` musankhe `Line`. Mwapeza mzere wokhota wokwera m'mwamba. Imeneyo ndi galafu ya mtunda ndi nthawi. Kuti muone ya liwiro mukanayenera kuchotsa `Mtunda` n'kukokera `Liwiro`, zomwe sizikusiyana ndi kufufuta bolodi kuja. Ndipo mnzanu amene mwangomupatsa galafu yomalizidwa kuti aione sangachite zimenezo. Tiyeni timupangire nobu.

Sitepe yoyamba: nobu

Pamwamba pa gawo la `Data` pali kamuvi kakang'ono koloza pansi. Kadineni, musankhe `Create Parameter`. Patuluka bokosi lofunsa zinthu zingapo, koma zofunika kwa ife ndi zitatu.

Pa `Name` lembani `Sankhani Muyeso`. Dzinali lidzaoneka kwa wogwiritsa ntchito, ndiye ndi bwino likhale lomuuza chochita.

Pa `Data type` sankhani `String`, kutanthauza kuti paramita yathu izisunga mawu, osati nambala kapena tsiku.

Pa `Allowable values` sankhani `List`. Mukasiya pa `All`, munthu akhoza kulemba chilichonse chimene chamubwerera, ngakhale dzina la galu wake, ndipo fomula yathu sidziwa chochita nalo. Nobu ya malitimita imaima pamalo owerengeka okha, yathunso ikhale choncho.

Mukasankha `List` patuluka makolamu awiri, `Value` ndi `Display As`. Pa `Value` lembani mawu atatu, lililonse pa mzere wake: `Mtunda`, `Liwiro`, `Enaji`. Pa `Display As` lembani `Mtunda (m)`, `Liwiro (m/s)` ndi `Enaji (J)`.

Kusiyana kwa makolamu awiriwa kusungeni bwino. `Value` ndi dzina limene fomula imamva. `Display As` ndi dzina limene munthu amaona. Zili ngati mwana amene kunyumba amamuitana dzina lina, koma mu rejisitala ya kusukulu analembedwa lina. Fomula imadziwa la mu rejisitala lokha.

Dinani `OK`. Paramita yanu ioneka pansi pa gawo la `Data`, pamene palembedwa `Parameters`. Idineni ndi batani la kumanja, musankhe `Show Parameter`. Mu Tableau yakale mawuwa ndi `Show Parameter Control`. Kumanja kwa galafu kutuluka kabokosi kokhala ndi zosankha zathu zitatu.

Tsopano yesani. Sankhani `Liwiro (m/s)`. Chachitika n'chiyani? Palibe. Galafu ili phee, ikuonetsabe mtunda. Musadandaule, simunalakwitse. Iyi ndi nobu ija yopanda mawaya.

Sitepe yachiwiri: mawaya

Pitani pa `Analysis` pamwamba, musankhe `Create Calculated Field`. Pa malo a dzina lembani `Muyeso Wosankhidwa`, ndipo m'bokosi lalikulu lembani izi:

```
CASE [Sankhani Muyeso]
WHEN "Mtunda" THEN [Mtunda]
WHEN "Liwiro" THEN [Liwiro]
WHEN "Enaji" THEN [Enaji]
END
```

Tiyeni tiiwerenge ngati chiganizo. Mzere woyamba ukuti: yang'ana pamene nobu yaloza. Wachiwiri ukuti: ngati yaloza pa mawu oti Mtunda, tenga nambala ya mu kolamu ya Mtunda. Wachitatu ndi wachinayi akunena zomwezo za liwiro ndi enaji. `END` akutseka nkhani.

Onetsetsani kuti mawu oti Mtunda alembedwa kawiri pa mzere umodzi, koma m'njira ziwiri zosiyana. `"Mtunda"` wa m'timakoma tiwiri ndi mawu chabe, aja tinalemba pa `Value`. `[Mtunda]` wa m'mabulaketi ndi kolamu ya manambala ya mu tebulo lathu. Fomulayi ndiyo ikulumikiza ziwirizi. Popanda iyo, Tableau sidziwa kuti pali ubale pakati pa mawu a mu paramita ndi kolamu, ngakhale zili ndi dzina limodzi.

Pansi pa bokosilo payenera kulembedwa `The calculation is valid.` Mukaona zimenezo dinani `OK`.

Chimene mwapanga chili ngati kolamu yachisanu ndi chimodzi ya tebulo, koma yosakhazikika. Nobu ikaloza pa liwiro, mzere wa mwala B pa sekondi 3 umakhala ndi 30 mu kolamuyi. Ikaloza pa enaji, malo omwewo mumakhala 900.

Sitepe yachitatu: kagalasi

Chotsani `SUM(Mtunda)` pa `Rows`, m'malo mwake mukokerepo `Muyeso Wosankhidwa`. Tsopano tembenuzani nobu. Pa mtunda mzere ukukhota. Pa liwiro wawongoka kuti njo. Pa enaji wakhotanso. Galafu ndi imodzi, nthawi sinasunthe.

Ngati mukufuna zosankha zonse zitatu zizionekera pamodzi, dinani kamuvi ka pa kona ya kabokosi ka paramita, musankhe `Single Value List`.

Mukafika apa mtima umakhala m'malo, ndipo ine ndinafika apa usiku n'kutseka laputopu ndikudzitama. Mawa lake ndinakaonetsa kalasi.

Mwala wothamanga mopitirira

Ndinasankha liwiro, mzere unawongoka, ndinayamba kufotokoza kuti kupendekeka kwa mzerewu ndiye g. Mtsikana wina wa kutsogolo anali akuyang'anitsitsa manambala a m'mbali. "Sala, pa masekondi 4 pakuonetsa 80. Ndiye kuti g ndi 20?"

Ndinayang'ana, zoonadi. Pa sekondi 1 panali 20, pa 2 panali 40, pa 4 panali 80. Mwala wanga unkagwa ngati uli pa dziko lina. Inunso yang'anani galafu yanu panopa, mupeza zomwezo.

Chifukwa chake chinali pa `Rows`, pomwe panalembedwa `SUM(Muyeso Wosankhidwa)`. Tebulo lathu lili ndi mizere iwiri pa sekondi iliyonse, wa mwala A ndi wa mwala B. Galafu sitinaiuze kuti ilekanitse miyala, choncho inaphatikiza 40 wa A ndi 40 wa B n'kupeza 80. Tableau sinalakwitse masamu, ndipo panalibe uthenga wofiira uliwonse wondichenjeza. Fomula inali yovomerezeka, mzere unali wowongoka monga timayembekezera, koma nambala inali yabodza. Mwa zolakwika zonse za nkhaniyi, ichi ndiye choopsa, chifukwa sichilira. Amene anachigwira ndi amene ankadziwa kale kuti yankho ndi 40.

Pali njira ziwiri zokonzera, ndipo iliyonse imayankha funso losiyana.

Njira yoyamba ndi kulekanitsa miyala. Kokerani `Mwala` pa `Color` m'kabokosi ka `Marks`. Tsopano mwala uliwonse uli ndi mzere wake ndi mtundu wake, ndipo pa sekondi iliyonse `SUM` ikuphatikiza nambala imodzi yokha, ndiye palibe chowonjezereka. Liwiro pa masekondi 4 labwerera pa 40.

Apa ndi pamene kusintha miyeso pa galafu imodzi kumaphunzitsa chinthu chimene bolodi linkandikanika nacho. Sankhani mtunda: mukuona mzere umodzi. Sankhani liwiro: umodzinso. Mwala winawo wapita kuti? Sunapite kulikonse, mizere iwiriyo yagonerana ndendende, wina pamwamba pa unzake. Dinani `A` pa kabokosi ka mitundu kumanjako, kenako `B`, muona kuti yonse ilipo. Tsopano sankhani enaji. Mizere ija yapatukana, wa B ukukafika pa 1600, wa A pa 800.

Tanthauzo lake ndi loti kulemera sikusintha mmene chinthu chikugwera, malinga ngati mpweya sukulowererapo, koma kumasintha enaji imene chinthucho chanyamula. Mu 1971 David Scott, wa ulendo wa Apollo 15, anagwetsa hamala ndi nthenga pa mwezi, pomwe palibe mpweya, ndipo zinafika pansi nthawi imodzi. Koma mutafunsidwa kuti chikugwereni pa chala ndi chiti, nonse musankha nthenga. Mizere yogonerana ija ndi yopatukana ija ikunena zomwezo.

Njira yachiwiri ndi ya pamene mukufuna mzere umodzi woimira miyala yonse iwiri. Apa muyenera kudzifunsa pa muyeso uliwonse: kodi kuphatikiza kuli ndi tanthauzo? Enaji ya miyala iwiri ikhoza kuphatikizidwa. 800 ndi 1600 ndi majulu 2400, ndipo imeneyo ndi enaji yeniyeni ya miyala yonse pamodzi. Koma liwiro siliphatikizidwa choncho. Basi ziwiri zoyenda pa makilomita 60 pa ola sizipanga 120. Pa liwiro ndi mtunda chotithandiza ndi avereji.

Vuto ndi loti `SUM` wa pa `Rows` uja ndi mmodzi wa miyeso yonse itatu. Mukamusintha kukhala avereji, enaji nayonso ikhala avereji. Njira yake ndi kulowetsa lamulo la muyeso uliwonse mkati mwa fomula:

```
CASE [Sankhani Muyeso]
WHEN "Mtunda" THEN AVG([Mtunda])
WHEN "Liwiro" THEN AVG([Liwiro])
WHEN "Enaji" THEN SUM([Enaji])
END
```

Mukakokera fomula iyi pa `Rows`, ilembedwa ndi `AGG` kutsogolo m'malo mwa `SUM`. Kumeneko ndi kunena kuti kuphatikiza kwachitika kale mkati, Tableau siwonjezerapo kwake. Chotsani `Mwala` pa `Color` muyese: pa masekondi 4 mtunda ndi 80, liwiro ndi 40, enaji ndi 2400.

Chenjezo limodzi pa njirayi. Mukaika `AVG` kapena `SUM` pa mzere umodzi, muike pa yonse. Mukasiya umodzi uli `[Enaji]` chabe, pansi patuluka mawu ofiira oyamba ndi `Cannot mix aggregate and non-aggregate`. Tableau ikukana chifukwa mwaifunsa zinthu ziwiri zosagwirizana mu fomula imodzi: pena nambala imodzi ya gulu la mizere, pena nambala ya mzere uliwonse pawokha.

Galafu yopanda dzina ndi msampha

M'kalasi ndimadula malikisi galafu ikabwera yopanda dzina ndi mayuniti m'mbali. Yathuyi panopa ikanadulidwa. Ku mbali yoimirira kwalembedwa `Muyeso Wosankhidwa` nthawi zonse, kaya tasankha chiyani.

Pa galafu yosinthasintha vutoli ndi lalikulu kuposa pa pepala. Siyani mwala B wokha m'maganizo, muyerekeze galafu yake ya mtunda ndi ya enaji. Maonekedwe ake ndi amodzimodzi, chifukwa zonse zimakula ndi `t²`. Ndipo Tableau imasintha yokha manambala a m'mbali kuti mzere udzaze malo onse. Ndiye mukachoka pa mtunda kupita pa enaji, mzerewo umaoneka ngati sunasunthe, chasintha ndi manambala okha, pamene panali 80 pali 1600. Munthu atajambula sikirini ndi foni n'kutumiza kwa mnzake, kabokosi ka paramita katadulidwa, mnzakeyo sangadziwe chimene akuona.

Kukonza kwake n'kosavuta. Dinani kawiri pa mutu wa galafu, pomwe palembedwa `Sheet 1`. Fufutani zimene zilipo, dinani `Insert`, musankhe `Parameters.Sankhani Muyeso`, kenako mulembe mawu oti "ndi nthawi" kutsogolo kwake. Tsopano mutu uzisintha pamodzi ndi nobu, ndipo uzionetsa dzina la pa `Display As`, lija lili ndi mayuniti. Ndi chifukwa chake tinavutikira kulemba `(m/s)` ndi `(J)` poyamba paja.

Ngati Tableau yanu ndi ya 2023.1 kapena yatsopano kuposa pamenepo, dzina la mbali yoimirira nalonso likhoza kutsatira paramita. Dinani mbaliyo ndi batani la kumanja, sankhani `Edit Axis`, ndipo pa gawo la dzina musankhe paramita yanu. Ngati ndi yakale, ingofufutani dzina la mbaliyo m'bokosi lomwelo, mutu uja ugwire ntchito.

Muli mu `Edit Axis` momwemo, yang'anani `Range`, muisiye pa `Automatic`. Mukaikhomerera kuyambira 0 mpaka 80, mtunda uoneka bwino, koma enaji ya mwala B idutsa denga sekondi yoyamba isanathe.

Chikavuta, yang'anani chizindikiro

Monga pokonza dera la magetsi, musayambe kusintha chilichonse mwachisawawa. Chizindikiro chimaloza pamene pali vuto.

Ngati mukutembenuza nobu koma galafu sikusintha ngakhale pang'ono, yang'anani pa `Rows`. Kawirikawiri mupeza kuti pakadali `Mtunda` wakale uja, fomula yatsopano simunaikokerepo.

Ngati zosankha ziwiri zikugwira ntchito koma pa chachitatu galafu ikuyera mbee, ndiye kuti mawu a m'timakoma sakufanana ndi a pa `Value`. Mwina munalemba `"Liwilo"` mu fomula pamene mu paramita muli `Liwiro`. Ife Achewa l ndi r amatisokoneza tsiku ndi tsiku, ndipo pakamwa palibe amene amadandaula, koma kwa kompyuta amenewo ndi mawu awiri osiyana. Mwinanso munalemba `"Liwiro (m/s)"`, dzina la pa `Display As`. Pa zonsezi Tableau inenabe kuti fomula ndi yovomerezeka, chifukwa kalembedwe kake n'kolondola. Kungoti `CASE` ikasowa mzere wogwirizana ndi chisankho imabweza `Null`, kutanthauza kuti palibe kanthu, ndipo palibe kanthu sikajambulika.

Ngati maonekedwe a mzere ali bwino koma manambala akula kawiri kapena katatu, ndi `SUM` uja. Werengani kuti tebulo lanu lili ndi mizere ingati pa sekondi iliyonse.

Poyesa, sankhani bwino malo oyesera. Pa sekondi 2 mtunda ndi 20, liwiro ndi 20. Mutasinthanitsa makolamu awiriwo mwangozi mu fomula, pa sekondi 2 simungaone cholakwika. Pa sekondi 0 ndiye zonse ndi 0. Yesani pa sekondi 3, pomwe mwala B uli ndi 45, 30 ndi 900, manambala atatu osafanana. Ikani mausi pa kadontho ka sekondi 3, mutembenuze nobu katatu, muyerekeze ndi tebulo.

Zimene paramita singachite

Paramita imasunga chisankho chimodzi pa nthawi imodzi. Simungasankhe mtunda ndi liwiro pamodzi, monganso malitimita singaonetse mavoti ndi maampu pa kagalasi kamodzi nthawi yomweyo. Ngati cholinga chanu ndi kuyerekeza awiriwo maso ali pa onse, jambulani magalafu awiri, ina pamwamba pa inzake.

Musaisokonezenso ndi filita. Filita imachotsa mizere ya tebulo, mwachitsanzo kubisa mwala A kuti patsale B. Paramita yathu sichotsa mzere uliwonse. Mizere yonse khumi ilipo, chimasintha ndi kolamu imene tikuwerenga.

China, paramita imodzi imagwira fayilo yonse ya ntchito yanu. Mukagwiritsa ntchito `Muyeso Wosankhidwa` pa magalafu awiri, kutembenuza nobu pa imodzi kusintha onse awiri. Mukafuna kuti iliyonse iziyenda payokha, pangani maparamita awiri, iliyonse ndi fomula yake.

Pomaliza, chilichonse chimene mwatumiza pa intaneti kudzera mu Tableau Public chikhoza kuonedwa ndi aliyense. Manambala a miyala alibe vuto. Koma mukadzafuna kuyesa njirayi ndi malikisi a kalasi yanu, maina a anzanu asapite kumeneko.

Ntchito ya kunyumba

Onjezerani muyeso wachinayi, momentamu, yomwe fomula yake ndi `mv`. Werengetserani manambala khumiwo ndi dzanja, muwalembe mu kolamu yatsopano ya `Momentamu` mu fayilo ija, muisunge. Mu Tableau, dinani dzina la fayilo pamwamba pa gawo la `Data` ndi batani la kumanja, musankhe `Refresh`, kapena mungolumikiza fayiloyo kachiwiri, kuti kolamu yatsopano ioneke. Kenako kumbukirani kuti malo osintha ndi awiri: dzina latsopano pa mndandanda wa paramita, ndi mzere watsopano wa `WHEN` mu fomula. Mukachita choyamba chokha, muona galafu yoyera ija.

Musanatembenuze nobu, lembani m'kope mayankho a mafunso awiri. Mzere wa momentamu ukhala wowongoka kapena wokhota? Nanga `Mwala` ali pa `Color`, mizere ya A ndi B igonerana kapena ipatukana? Poyesera, mwala B pa sekondi 3 uyenera kuonetsa 60. Mukaona 90 pa mzere umodzi, mukudziwa kale amene wachita zimenezo.